Sitetimenti ya khadi la nkhongole: mmene mungapezere zodulidwa kawiri, chiwongola dzanja cholakwika ndi malipiro ochepetsetsa okwera

Ambiri sitetimenti ya khadi la nkhongole ikafika pa foni amayang'ana manambala awiri okha, ndalama yoti alipire ndi tsiku lomaliza kulipira, basi n'kutseka. Komatu manambala awiriwo ndi omwe banki imawerengera komalizira. Imayamba yalemba zonse zimene mwagula ndi zimene mwabweza, pa zimenezo imawerengerapo chiwongola dzanja, kenako pa zonse pamodzi ndi pomwe imatulutsa malipiro ochepetsetsa. Mzere umodzi ukalakwika pamwamba, zonse za m'munsi zimalakwika nawo. N'chifukwa chake inunso muyenera kufufuza motsata njira yomweyo: mizere choyamba, chiwongola dzanja chachiwiri, malipiro ochepetsetsa komaliza. Mukayambira kumapeto mudzangoona kuti nambala yakula, koma simudzatha kuuza a ku banki pamene yakulira.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi shopu ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndipo akumanga nyumba pang'onopang'ono. Manambala ake ndawasankha kuti masamu aoneke poyera, si mitengo ya banki ina iliyonse. Yanu mudzaipeza pa mapepala anu.

Sonkhanitsani mapepala kaye

Mufunika sitetimenti ya mwezi uno ndi ya mwezi watha, malisiti a m'mashopu, mameseji amene banki imatumiza mukaswaipa, ndi umboni wa ndalama zimene munabweza, kaya ndi kapepala kodinda ka pa kauntala kapena meseji ya pa foni. Mufunikanso pangano limene munasaina potenga khadi, makamaka tsamba lolembedwa `Key Facts Statement`, ndi mndandanda wa machaji umene mabanki amautcha `Tariff Guide`. Popanda mapepala awiriwa simungadziwe peresenti imene munagwirizana. Ngati anasowa, kapempheni ena ku nthambi ya banki yanu.

Musanachite china chilichonse, yerekezani nambala ya `Closing balance` ya mwezi watha ndi `Opening balance` ya mwezi uno. Ziyenera kufanana mpaka pa ngwee. Kwa mayi wathu zonse ziwiri zikuti K8,000.00, ndiye apa palibe vuto.

Sitetimenti yawo ya 1 mpaka 30 Juni ikuonetsa izi:

```
Opening balance          8,000.00
06 Jun  mafuta           1,200.00
16 Jun  payment         -3,000.00
21 Jun  hadiweya         2,500.00
21 Jun  hadiweya         2,500.00
30 Jun  late fee           150.00
30 Jun  interest           275.00
Closing balance         11,625.00
Minimum payment due      1,287.50
```

Malire a khadi lawo ndi K11,500, chiwongola dzanja ndi 36.5 peresenti pachaka, ndipo tsiku lomaliza kulipira sitetimenti ya Meyi linali 15 Juni.

Gawo loyamba: mzere uliwonse ukhale ndi lisiti lake

Tengani cholembera. Mzere uliwonse umene mwaupezera lisiti kapena meseji, ikanipo chizindikiro. Umene watsala wopanda chizindikiro ndi womwe muufunse mafunso.

Musafulumire kunena kuti mwaberedwa mukaona dzina lachilendo. Dzina la pa sitetimenti ndi lomwe mwini bizinesi analembetsa ku banki yake, osati lolembedwa pa khoma la shopu, ndipo nthawi zina mumapeza kuti pambali palembedwa Lusaka chonsecho munagula ku Chipata konkuno, chifukwa likulu la kampaniyo lili kumeneko. Fananizani ndalama ndi tsiku, dzina lisakusokonezeni.

Tsopano mizere iwiri ija ya K2,500. Mayi anagula simenti kamodzi, ndipo ali ndi lisiti limodzi lolembedwa `Approved`. Koma akukumbukira kuti tsikulo netiweki inkavuta. Ataika khadi koyamba, kamakina kanazungulira nthawi yaitali n'kutulutsa kapepala kosonyeza kuti zakanika, ndipo mnyamata wa pa kauntala anati ayesenso. Umu ndi mmene kudulidwa kawiri kumachitikira nthawi zambiri. Uthenga wopempha ndalama unafika ku banki ya mayi ndipo banki inavomera, koma yankho silinabwerere ku kamakina chifukwa netiweki inaduka pakati. Kamakina kamayenera kutumiza uthenga wofafaniza pakokha. Uthengawo ukalephera kufika, ndalama yoyamba ija imatsala yogwidwa, ndipo nthawi zina imadulidwadi.

Apa pali kusiyana kumene kumasokoneza anthu ambiri. Pa apu ya banki, mzere wolembedwa `Pending` si ndalama yodulidwa kale. Ndi ndalama yongogwidwa podikira kuti shopu itumize pempho lomaliza. Shopu ikapanda kutumiza, imamasuka yokha pakapita masiku angapo. Maloji a ku Mfuwe ndi makampani obwereketsa galimoto amachita dala zimenezi, amagwira ndalama ya chikole mukamafika ndipo amadula ndalama yeniyeni mukamachoka, choncho kwa kanthawi mumaona ngati mwalipira kawiri. Yomwe ili pa `Pending` siibereka chiwongola dzanja, ingochepetsa ndalama imene mungagwiritse ntchito. Koma mzere ukafika pa sitetimenti ya mwezi wokhala ndi `Posting date` yake, ndiye kuti yadulidwadi, ndipo sidzachoka yokha.

Kuti mutsimikize, yang'anani manambala a pa lisiti, `Auth code` ndi `RRN`. Kuswaipa kulikonse kumene banki yavomera kumakhala ndi manambala akeake. Funsani a ku banki akuuzeni manambala a mizere iwiriyo ndi nthawi yake. Ngati mizere yonse ili ndi `Auth code` imodzi, ndiye kuti shopu kapena banki yake inatumiza pempho limodzi kawiri, ndipo mlandu wotere suvuta. Ngati manambala ndi osiyana koma nthawi yasiyana ndi mphindi imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti khadi linalowa m'kamakina kawiri, ndipo umboni wanu ndi kapepala kokanika kaja pamodzi ndi lisiti la katundu losonyeza kuti matumba a simenti anatuluka kamodzi. Ndikukupemphani, kapepala kolembedwa `Declined` musamakasiye pa kauntala. Anthu amakataya chifukwa amaona ngati kalibe ntchito, pomwe pa nkhani ngati iyi ndi komwe kamakupulumutsani. Kajambuleninso pa foni tsiku lomwelo, chifukwa zolemba za pa timapepala timeneti zimafufutika zikakhala pa dzuwa kapena m'thumba.

Palinso mtundu wina wa kulipira kawiri umene suoneka ngati mizere iwiri. Kamakina kakana, mwatulutsa ndalama m'thumba kapena mwalipira pa foni, mwapita. Pa sitetimenti mzere ndi umodzi wokha, ndipo dzina la shopu mukulidziwa, ndiye mumangoikapo chizindikiro. Dzifunseni pa mzere uliwonse: kodi tsiku limeneli ndinamaliza ndi khadi, kapena ndinapereka ndalama ya pamanja? Lisiti la shopu lolembedwa `Cash` ndilo umboni wanu pamenepa.

Amene mumadutsa pa Mwami kukagula katundu ku Lilongwe, dziwani kuti ndalama ya pa sitetimenti siingafanane ndendende ndi imene munawerengera pogula, chifukwa amasintha pa mtengo wa tsiku limene pempho lakonzedwa, n'kuwonjezera chaji ya kugula kunja. Chimenecho si cholakwika. Ngakhale pobweza ndalama yodulidwa kawiri kunja, imatha kusiyana pang'ono ndi imene inachoka, chifukwa mtengo wa kwacha wasuntha.

Mukamaliza zogula, chitani chimodzimodzi ndi ndalama zimene munabweza. Ambiri amangoona kuti K3,000 yalembedwa, osayang'ana tsiku. Mayi wathu ali ndi kapepala kodinda ka pa kauntala ya banki yomweyo kosonyeza 11 Juni, koma sitetimenti ikuti 16 Juni. Masiku asanu amenewa adumpha tsiku lomaliza kulipira la 15 Juni, ndipo ndi kumene kwachokera chindapusa cha K150. Chenjezo apa ndi lakuti si kuchedwa kulikonse kumene kuli kulakwa kwa banki. Mukatumiza ndalama kuchokera ku banki ina, kapena madzulo a Lachisanu, kapena pa tsiku la tchuthi, imatha kufika pa khadi tsiku la ntchito lotsatira kapena kupitirira, ndipo pangano lanu limanena zimenezi. Koma ndalama yoperekedwa pa kauntala ya banki yomweyo, n'kudindidwa, ilibe chifukwa choyendera masiku asanu.

Gawo lachiwiri: werengerani nokha chiwongola dzanja

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi, koma masamu ake ndi ochulukitsa ndi kuphatikiza basi. Chiwongola dzanja cha khadi sachiwerengera pa nambala ya kumapeto kwa mwezi. Amachiwerengera tsiku ndi tsiku, pa nkhongole imene inalipo tsiku limenelo.

Choyamba pezani peresenti ya tsiku limodzi. Gawani ya pachaka ndi 365. Kwa mayi wathu, 36.5 kugawa ndi 365 ndi 0.1 peresenti patsiku, kutanthauza kuti K1,000 iliyonse ya nkhongole imabereka K1 tsiku lililonse. Onetsetsani ngati peresenti yolembedwa pa sitetimenti yanu ndi ya pachaka kapena ya pamwezi. Peresenti 3 pamwezi imamveka yochepa, koma pachaka ndi 36.

Kenako dulani mwezi m'zigawo. Chigawo chatsopano chimayamba tsiku lililonse limene nkhongole yasintha. Pa chigawo chilichonse chulukitsani nkhongole ndi masiku ake. Nayi nkhongole yoona ya mayi, pogwiritsa ntchito tsiku la pa kapepala kodinda ndi simenti yogula kamodzi:

```
1-5 Jun     8,000 x 5  =  40,000
6-10 Jun    9,200 x 5  =  46,000
11-20 Jun   6,200 x 10 =  62,000
21-30 Jun   8,700 x 10 =  87,000
235,000 x 0.001 = 235.00
```

Chiwongola dzanja choyenera ndi K235. Sitetimenti ikuti K275. Musaimire pomwepa n'kuthamangira ku banki kukanena kuti awonjezera K40. Yesani kaye kupeza njira imene iwo anadutsa kuti afike pa K275. Werengeraninso, koma tsopano ndi masiku ndi mizere monga momwe zalembedwera pa sitetimenti: K8,000 kwa masiku 5, K9,200 kwa masiku 10 chifukwa K3,000 inachedwa kulowa, K6,200 kwa masiku 5, ndi K11,200 kwa masiku 10 chifukwa simenti yalembedwa kawiri. Mukaphatikiza mupeza 275,000, ndipo pa 0.1 peresenti ndi K275 ndendende.

Kuwerengera kwachiwiriku kukutiuza chinthu chachikulu. Peresenti imene banki inagwiritsa ntchito ndi yolondola, masamu akenso ndi olondola. Cholakwika ndi manambala amene analowa m'masamuwo. Pa K40 yowonjezera ija, K15 yachokera pa K3,000 imene inachedwa masiku 5, ndipo K25 yachokera pa K2,500 yabodza imene inakhala pa khadi masiku 10. Mukakafika ku banki ndi mawu otere, wa pa desiki sangakubwezeni ndi yankho lakuti kompyuta ndiyo imawerengera. Zoonadi imawerengera, koma inapatsidwa tsiku lolakwika.

Nanga kuwerengera kwachiwiri kukapanda kufanana ndi sitetimenti? Kusiyana kwa ngwee zingapo kapena kwacha imodzi kapena ziwiri musade nako nkhawa. Mabanki ena amayamba kuwerenga pa `Transaction date`, tsiku logula, ena pa `Posting date`, tsiku lolemba, ndipo ena amaika chiwongola dzanja cha dzulo pamwamba pa nkhongole ya lero. Kusiyana kukakhala kwakukulu, gawani chiwongola dzanja cholembedwa ndi chiwerengero chachikulu chija chimene munapeza mutaphatikiza zigawo zonse, monga 275,000 ya mayi, n'kuchulukitsa ndi 365, kenako ndi 100. Mupeza peresenti ya pachaka imene anagwiritsadi ntchito. Ikaposa ya pa pangano, funsani kuti inasintha liti ndipo anakudziwitsani bwanji. Nkhongole zambiri m'dziko muno zimatsatira peresenti imene Bank of Zambia imalengeza, choncho ikhoza kukwera movomerezeka, koma peresenti yatsopano iyenera kuyamba pa tsiku limene inasintha, osati kubwerera m'mbuyo kukagwira masiku amene anadutsa kale.

Pali zinthu zitatu zimene zimaoneka ngati zolakwika koma zili m'pangano, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanadandaule.

Masiku opanda chiwongola dzanja amene amalengeza potsatsa khadi amagwira ntchito pokhapokha mutalipira `Closing balance` yonse tsiku lomaliza lisanadutse. Mukasiyako ngakhale K50, pa makhadi ambiri mwayiwo umatha, ndipo zogula zatsopano zimayamba kubereka kuyambira tsiku loyamba. N'chifukwa chake mafuta a mayi a K1,200 tawawerengera kuyambira 6 Juni, popeza anali atanyamula kale nkhongole ya mwezi watha. Koma ngati munalipira zonse pa nthawi yake miyezi yotsatizana, simunatapeko ndalama, ndiye mwaona `interest` pa zogula, chimenecho ndi cholakwika chenicheni, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi tsiku la malipiro lolembedwa mochedwa.

Chachiwiri, ndalama yotapa pa makina a ATM ndi khadi la nkhongole ilibe masiku aulere. Imabereka kuyambira tsiku lomwelo, imakhala ndi chaji yakeyake, ndipo pa makhadi ena peresenti yake ndi yokwera kuposa ya zogula. Ngati munatapa, werengerani ndalamayo payokha ndi peresenti yake. Onaninso ngati chinthu chimene munagula m'shopu sichinalembedwe ngati `Cash advance`. Kutumiza ndalama kuchoka pa khadi kupita ku akaunti ya pa foni kapena ku kampani ya kubetcha, mabanki ambiri amakuwerenga ngati kutapa.

Chachitatu chimakwiyitsa anthu amene angomaliza kumene nkhongole, monga alimi amene agulitsa soya kapena nsawa n'kuganiza zotseka zonse. Sitetimenti inatsekedwa pa 30, inu mwalipira zonse pa 12 mwezi wotsatira, koma sitetimenti yotsatira ikubweranso ndi kandalama. Kameneko ndi chiwongola dzanja cha masiku a pakati pa kutsekedwa kwa sitetimenti ndi kufika kwa ndalama yanu. N'kovomerezeka, koma kawerengereni mwa njira yomwe ija kuti muone ngati masiku ake ndi oona. Mukafuna kutsekeratu, funsani banki ndalama yotsekera ya tsiku lomwelo, osati ya pa sitetimenti.

Gawo lachitatu: malipiro ochepetsetsa

Banki iliyonse ili ndi njira yake, ndipo yalembedwa m'pangano kapena kumbuyo kwa sitetimenti. Kawirikawiri ndi peresenti ina ya nkhongole yonse, kuwonjezerapo ndalama ya mwezi watha imene simunalipire, kuwonjezeraponso ndalama iliyonse yopitirira malire a khadi. Ena amaika ndalama yokhazikika imene singatsike ngakhale nkhongole ichepe.

Pangano la mayi wathu likuti 10 peresenti ya nkhongole, kuphatikiza zotsalira ndi zopitirira malire. Peresenti 10 ya K11,625 ndi K1,162.50. Sitetimenti ikuti K1,287.50. K125 yapamwambayo yachokera kuti? Malire ndi K11,500, nkhongole yolembedwa ndi K11,625, yapitirira ndi K125. Apanso masamu a banki ndi olondola pa manambala olakwika.

Nkhongole yoona ndi K8,700 kuphatikiza chiwongola dzanja cha K235, yonse K8,935. Siinayandikire n'komwe malire. Malipiro ochepetsetsa oyenera ndi K893.50. Kusiyana kwa nkhongole yolembedwa ndi yoona ndi K2,690, ndipo mutha kuitchula mbali zake zonse: K2,500 ya simenti yobwereza, K150 ya chindapusa, K40 ya chiwongola dzanja. Manambala akagwirizana chonchi mumadziwa kuti palibe china chimene chabisala.

Pa gawo limeneli yang'ananinso mzere wa `Past due` kapena `Arrears`. Ngati mwezi watha munalipira ndalama yokwana malipiro ochepetsetsa, pamenepa payenera kukhala 0.00. Nthawi zina ndalama imalowa pa akaunti ina yanu m'malo mwa pa khadi chifukwa cha nambala yolembedwa molakwika pa kauntala, ndiye sitetimenti imaphatikiza malipiro a miyezi iwiri ngati kuti simunapereke kalikonse.

Amene munasaina kuti banki izidzitengera yokha malipiro ku akaunti yanu ya malipiro a pamwezi, monga aphunzitsi ndi anamwino ambiri amachitira, samalani kawiri. Makinawo adzatenga nambala yolembedwa pa sitetimenti, yolakwika yomweyo, ndipo akapeza ndalama yosakwana, mudzalipiranso chaji ya kukanika. Onaninso ngati sanatenge pomwe inu munali mutalipira kale pamanja mwezi womwewo.

Ndinenepo maganizo anga pano. Malipiro ochepetsetsa ngakhale atakhala olondola, sanapangidwe kuti akutulutseni m'nkhongole. Pa K893.50 ya mayi, pafupifupi K250 idzabwereranso mwezi wamawa ngati chiwongola dzanja chatsopano. Muziwatenga ngati chotchinga chindapusa chabe.

Gawo lachinayi: kukadandaula

Ngati shopu ili pafupi, yambirani kumeneko, chifukwa ndi njira yachangu. Pitani ndi sitetimenti ndi malisiti, pemphani kuonana ndi mwini wake kapena woyang'anira, ndipo lankhulani mwaulemu: "Pepani bambo, pa 21 Juni ndinagula simenti ya K2,500 kuno, koma khadi langa ladulidwa kawiri. Mungandionereko pa lipoti la kamakina la tsiku limenelo?" Kamakina kalikonse kamatulutsa lipoti la tsiku, ndipo banki ya shopuyo imawatumizira mndandanda wa ndalama zimene zalowa. Akapeza kuti analandiradi kawiri, apempheni abweze kudzera pa khadi lomwelo ndipo akupatseni kapepala ka `Refund`. Akakupatsani ndalama ya pamanja, nkhongole ya pa khadi imakhalabe ndipo imapitiriza kubereka, pokhapokha mutakaiika pa khadi tsiku lomwelo. Akanena kuti kwa iwo inalowa kamodzi, n'kutheka akunena zoona. Musakangane nawo, apempheni angokulemberani zimenezo kapena akupatseni kope la lipotilo.

Kaya shopu yavomera kapena ayi, ku banki muyenera kupitabe, chifukwa shopu singabweze chindapusa kapena chiwongola dzanja. Ndipo musachedwe. Malamulo a Visa ndi Mastercard amapereka masiku pafupifupi 120 pa madandaulo ambiri otere, koma pangano la banki yanu likhoza kukupatsani masiku ochepa kwambiri kuposa pamenepo, kuwerengera kuyambira tsiku la sitetimenti. Amene mumakhala ku Chadiza, ku Vubwi kapena ku Lundazi ndipo simubwera m'tauni kawirikawiri, imbani nambala yolembedwa kumbuyo kwa khadi tsiku lomwelo kuti dandaulo lilembedwe, kenako tumizani mapepala pa imelo.

Ku banki adzakupatsani fomu ya madandaulo a khadi. Idzazeni, koma phatikizaniponso kalata yanu, chifukwa fomuyo nthawi zambiri imafunsa za mzere umodzi wokha. Kalata ya mayi ikhoza kunena motere:

"Kwa a Manijala. Pa sitetimenti yanga ya Juni ndapeza zolakwika ziwiri. K2,500 ya pa 21 Juni yalembedwa kawiri pomwe ndinagula kamodzi. K3,000 imene ndinapereka pa kauntala pa 11 Juni yalembedwa pa 16 Juni. Ndikupempha kuti muchotse K2,500, mukonze tsiku la malipiro anga likhale 11 Juni, mubweze chindapusa cha K150, mubweze chiwongola dzanja cha K40 pamodzi ndi china chilichonse chimene K2,500 imeneyi ibereke mpaka tsiku loichotsa, ndiponso mukonze malipiro ochepetsetsa. Ndikupemphanso kuti mutsimikize kuti simunatumize mbiri yoti ndinachedwa kulipira ku bungwe losunga mbiri ya nkhongole. Makope a malisiti ndaphatikiza."

Pempho lililonse m'kalatamo lili ndi chifukwa chake. Nthambi imene imayang'ana za kudulidwa kawiri ikhoza kubweza K2,500 n'kutseka nkhani, osakhudza chiwongola dzanja, chifukwa palibe anapempha. Ndipo ndalama yabodzayo ikakhala pa khadi mwezi wina wathunthu podikira kafukufuku, pa K2.50 patsiku ibereka K75 ina. Za mbiri ya nkhongole nazo si zazing'ono. Mabanki amatumiza mbiri ya kalipiridwe kanu ku mabungwe monga TransUnion, ndipo chizindikiro cha kuchedwa chikhoza kukuvutitsani tsiku limene mudzafune nkhongole ya feteleza kapena ya nyumba. Lamulo la 2018 loona za mbiri ya nkhongole limakupatsani ufulu woona mbiri yanu ndi kutsutsa zolakwika.

Perekani makope, mapepala enieni asungeni. Pemphani nambala ya dandaulo, ndipo kope lanu la kalata alidinde ndi tsiku. Funsani kuti ayankha pofika liti, lembani tsikulo. Pa fomu kapena pa foni, wa banki weniweni safunsa nambala yanu yachinsinsi, manambala atatu a kumbuyo kwa khadi, kapena nambala yotsimikizira imene imabwera pa meseji. Wina akakuimbirani kuti akufuna zimenezi kuti akubwezereni ndalama, dulani foni ndipo imbani nokha nambala ya pa khadi.

Podikira yankho, musaleke kulipira. Ili ndi dzenje limene ambiri amagweramo chifukwa cha mkwiyo, ndipo chindapusa chimene chimabwera pamenepo chimakhala choona, simungachitsutse. Mayi wathu ngati angathe alipire K1,287.50 yolembedwayo tsiku lisanadutse, ngakhale akudziwa kuti yoyenera ndi K893.50. Ndalama yapamwambayo sitayika, imangochepetsa nkhongole yawo yeniyeni. Ngati sangakwanitse, apemphe banki iwalembere ndalama imene ivomere ngati malipiro a mwezi umenewo pamene nkhani ikufufuzidwa, ndipo asadalire mawu a pakamwa.

Banki ikapanda kuyankha pa nthawi imene inanena, kapena yankho likakhala losakhutiritsa, pemphani kuti nkhani ipite ku ofesi ya madandaulo ya ku likulu lawo ndipo akupatseni yankho lomaliza polemba. Zikakanika pamenepo, tengerani nkhaniyo ku Bank of Zambia, imene imayang'anira mabanki onse pansi pa lamulo la mabanki la 2017, kapena ku bungwe la CCPC loteteza ogula. Onse adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu, ndiye nambala ya dandaulo ndi kalata yodinda ija zikhale pamwamba pa mapepala anu.

Sitetimenti ya Julayi ikafika, fufuzani mizere yobweza umodziumodzi: K2,500, K150, ndi chiwongola dzanja. Yang'anani tsiku limene K2,500 yabwezedwa. Ngati yalembedwa pa 20 Julayi popanda kubwerera ku 21 Juni, ndiye kuti yabereka masiku 29, kuyambira 21 Juni mpaka 19 Julayi, omwe ndi K72.50. Kuphatikiza K15 ya malipiro ochedwa aja, chiwongola dzanja choti chibwezedwe ndi K87.50, osati K40 ya m'kalata yoyamba. Chikapanda kuoneka, lembaninso kalata pa nambala ya dandaulo yomweyo.